Ndemanga yanga pa pdftoppm: miyezi isanu ndikusandutsa masamba a PDF kukhala zithunzi

Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza mapepala pa Boma la Mchinji. Mwezi wa Epulo kunabwera mayi wina, mlembi wa kalabu ya alimi a mtedza ya cha ku Kamwendo, atatenga fulashi. Munali kabuku ka PDF ka masamba 24, kofotokoza kaumitsidwe ka mtedza kuti usachite chuku. Anati, "Achimwene, anzathu ambiri mafoni awo satsegula chimenechi, koma chithunzi aliyense amaona. Mungandidulire tsamba lililonse likhale chithunzi pachokha?" Kale ndinkajambula sikirini tsamba ndi tsamba, ndipo zilembo zing'onozing'ono zinkatuluka zosawerengeka. Tsiku limenelo ndi pamene ndinayamba kugwiritsa ntchito pdftoppm, ndipo mpaka lero sindinaisiye.

Pulogalamuyi ndi yaulere, imabwera m'gulu la zida za Poppler. Pa laputopu yanga ya Ubuntu ndinaiika ndi `sudo apt install poppler-utils`, ndipo ikangolowa sifunanso netiweki. Kwa ine ichi n'chachikulu. Masamba a pa intaneti ochita ntchito yomweyi amafuna ukweze fayilo yonse kenako utsitse zithunzi, bandulo n'kumatha kawiri, komanso ziphaso ndi makalata a makasitomala anga sindifuna zizipita kwa anthu osawadziwa. Koma ndinene poyera: ilibe mabatani. Umalemba lamulo pa Terminal, kawindo kolembamo malamulo a kompyuta, basi. Mtsikana amene amandithandiza pashopu anatenga sabata kuti azolowere, ndipo malamulo atatu amene timagwiritsa ntchito kwambiri tinawamata pakhoma.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa. Ndinalemba `pdftoppm -r 300 mtedza.pdf tsamba` osatchula mtundu wa chithunzi. Ukapanda kutchula, imatulutsa mafayilo a PPM, omwe ndi osapanikizidwa, ndipo tsamba lililonse linali la mamegabaiti pafupifupi 26. Masamba 24 anapitirira mamegabaiti 600, foni ya mayi aja n'kulephera kutsegula ngakhale limodzi. Choncho mukaona mafayilo othera ndi `.ppm`, dziwani kuti mwaiwala `-png` kapena `-jpeg`.

Pamene pagona nkhani yonse ndi pa nambala ya pambuyo pa `-r`. Nambalayi ndi madontho amene adzakhale pa inchi imodzi ya pepala. Pepala la A4 ndi mainchi 8.27 m'lifupi ndi 11.69 m'litali. Mukasankha 150, yomwenso pulogalamuyi imatenga yokha mukapanda kunena, chithunzi chimatuluka cha madontho pafupifupi 1240 m'lifupi ndi 1754 m'litali. Mukasankha 300 chimakhala cha 2480 ndi 3508. Anthu ambiri amaganiza kuti 300 ndi 150 kawiri basi, koma ayi. Madontho awonjezeka kawiri m'lifupi, kawirinso m'litali, ndiye kuti onse pamodzi achuluka kanayi, kuchoka pa mamiliyoni awiri kufika pafupifupi mamiliyoni asanu ndi anayi. N'chifukwa chake fayilo imatupa chotero, ndi laputopu n'kumachedwa.

Pa kabuku ka mtedza kaja ndinayesa nambala zitatu pa tsamba 7 lokha, chifukwa ndi limene linali ndi tebulo la zilembo zing'onozing'ono kwambiri. Pa 72 mitu inkawerengeka, koma m'tebulo 3 ndi 8 sizinkasiyana. Pa 300 zonse zinali mbee, koma kulemera kwake kosayenera foni ya kumudzi. Pa 150 mayi aja anakulitsa ndi zala pafoni yawo n'kuwerenga mzere uliwonse mokweza. Ndiye ndinalemba chonchi:

```
pdftoppm -jpeg -jpegopt quality=80 -r 150 mtedza.pdf tsamba
```

Pasanathe mphindi imodzi munali mafayilo 24, kuyambira `tsamba-01.jpg` mpaka `tsamba-24.jpg`, onse pamodzi osafika mamegabaiti 8. Ziro wa kutsogoloyo imaika yokha, ndipo ndimamukonda chifukwa amachititsa kuti tsamba 10 lisadumphe kukakhala patsogolo pa tsamba 2. Kuyesa tsamba limodzi musanayambe buku lonse n'kosavuta: `-f 7 -l 7` ndiye kuti yambira pa 7, lekeza pa 7.

Tsiku lotsatira mayi aja anaimba kuti zilembo zafufutika kwa anzawo. Vuto silinali kwa pdftoppm. WhatsApp imachepetsa chithunzi chikatumizidwa ngati chithunzi wamba. Tinatumizanso masamba a matebulo posankha Document, ndipo anafika monga anachokera.

Za kusindikiza n'zina. Aphunzitsi ena anafuna tsamba limodzi la pepala la mayeso a masamu kuti aliike m'chikalata chawo cha Word. Apa ndinagwiritsa ntchito `-png -r 300 -gray`, pomwe `-gray` imatulutsa chithunzi chakuda ndi choyera. PNG sisiya timadontho tauve m'mbali mwa zilembo monga imachitira JPEG, ndiye pa masamba a zolemba ndi mizere yopyapyala ndimasankha iyo. JPEG ndimaisungira masamba okhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi kamera, kapena pamene kupepuka kwa fayilo ndiko kofunika.

Pali malire amodzi amene ndinawaphunzira movutikira, ndipo ndikufuna aliyense wa ntchito ngati yanga awadziwe. Bambo wina anabwera ndi satifiketi ya PDF yosaoneka bwino, akuti ndiikweze pa 600 kuti iwale. Ndinatero. Fayilo inalemera, koma zilembo zinali zofufutika chimodzimodzi, kungoti zazikulu. Chifukwa chake n'chakuti PDF zilipo za mitundu iwiri. Ina imachokera pa kompyuta, zilembo zake ndi zojambulidwa mwa masamu, ndipo mukakweza nambala zimawaladi. Ina imachokera pa sikana kapena kamera ya foni, mkati mwake muli chithunzi kale, ndipo madontho ake ndi omwewo amene sikana inagwira tsiku lija. Kuti mudziwe, yesani kusankha mawu ndi mausi. Akakana, nthawi zambiri ndi ya sikana. Njira yotsimikizika ndi chida china cha gulu lomweli:

```
pdfimages -list satifiketi.pdf
```

Pansi pa `x-ppi`, pamene pamaonetsa madontho a pa inchi imodzi a chithunzi cha m'katimo, panalembedwa 100. Ndinawaonetsa bambo aja kuti kupitirira pamenepo tikungowononga malo m'fulashi, ndipo chofunika ndi kubweretsa pepala lenileni tilisikane mwatsopano pa 300. Anabwera nalo Lolemba, zinatheka.

Chinanso: yambani mwaona kukula kwa pepala ndi `pdfinfo`. Pulani ya nyumba ya A1 pa 300 imafika madontho pafupifupi mamiliyoni 70, ndipo laputopu yanga ya memole ya magigabaiti 4 inakakamira kwa nthawi ndithu. Pa mapepala aakulu otere ndimalemba `-scale-to 3000`, kutanthauza kuti mbali yaitali ya chithunzi ikhale madontho 3000, pepala likule bwanji. PDF yokhoma imafuna mawu achinsinsi kudzera pa `-upw`, ndipo mwiniwake akawaiwala palibe chimene pulogalamuyi ingachite. Kumbukiraninso kuti tsamba likasanduka chithunzi, mawu ake simungawakopere kapena kuwafufuza, choncho PDF yoyambayo musaifufute.

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodzi ndachotsa chifukwa cha kusowa kwa mabatani, komanso mnzanga wa ku Kapiri amene ali ndi Windows anavutika kuiika mpaka ndinachita kupita kukamuthandiza. Mayi a kalabu aja abwera kale kawiri ndi timabuku tina, ka soya ndi ka kasungidwe ka chimanga, ndipo masiku ano akangolowa amanena okha kuti, "Pa 150 pomwe paja, achimwene."