Ndasintha nambala ya WhatsApp kuchoka ku +265 kupita ku +263, macheza onse alipo

Nyenyezi 4 pa 5. Ndimakhala ku Mufakose koma WhatsApp yanga inali idakali pa nambala yakumudzi ya +265, simu yakeyo ndinasiya kuikamo mayunitsi kalekale, ndiye mukudziwa kuti nambala ikangokhala osagwira ntchito akampani amadzaipereka kwa munthu wina, ndipo iyeyo akalembetsa WhatsApp iwe amakutulutsa, n'kupezeka mlendo ali m'gulu la banja lanu akuwerenga za maliro ndi za ndalama. Ineyo ndine adimini wa gulu lathu la chipereganyu komanso ndili m'gulu lothandizana pa maliro la aMalawi akuno, sindikanalola zimenezo.

Njira yosinthira nambalayi ili mkati mwa WhatsApp momwemo, palibe cholipira kapena chodawunilodi. Mumapita pa Settings, kenako Account, kenako Change number. Pamabwera mabokosi awiri, lapamwamba nambala yakale, lapansi yatsopano. Apa samalani ndi khodi ya dziko, ine pamwamba ndinaika 265 pansi 263, ndipo ziro woyambirira uja samalembedwa, ngati nambala yanu imayamba 077 mumayambira pa 77 basi. Ikatero imatumiza khodi ya manambala 6 pa SMS ku nambala yatsopanoyo, mukailemba zatheka. Chomwe chinandisangalatsa n'choti simu yakale sinafunike n'komwe, yanga ili kuti kaya. Chofunika n'choti WhatsApp ikhale ikadali yotsegula pafonipo ndi nambala yakaleyo, ndipo simu yatsopano ikhale yoti ikulandira SMS kapena kuimbiridwa. Yesani kaye kuuza wina akutumizireni uthenga wamba musanayambe.

Nditatsegula zonse zinali m'malo mwake, macheza, zithunzi, mavoisi a amayi aja sindifuna kutaya, chithunzi cha pa pulofailo, magulu onse ndipo uadimini sunachoke. Koma mvetsani bwino abale, machezawo amatsala chifukwa foni ndi yomweyo, ali m'fonimo. Ngati mukusinthanso foni musachite zonse pakamodzi. Yambani mwasintha nambala pa foni yakale, kenako pitani Settings, Chats, Chat backup musunge ku Google Drive, ndiye pa foni yatsopano mulembetse ndi nambala yatsopanoyo ndi akaunti ya Google yomweyo, ikakufunsani Restore muvomere pomwepo. Ndipo bakapuyo ndi bwino kuipangira pa Wi-Fi chifukwa mabando a WhatsApp okhaokha timakonda kugula kuno aja musawadalire pa za Google Drive.

Mlamu wanga wa ku Mbare anachita mwa iye yekha, anafufuta WhatsApp n'kuikanso ndi nambala yatsopano poganiza kuti zibwera zokha. Sizinabwere, imeneyo imakhala akaunti ina yatsopano, bakapu imayendera nambala imene inaipanga ndiye sinamupeze, magulu anachita kupempha maadimini amuikemo mmodzimmodzi, uku nambala yakale ikadali m'magulumo ngati munthu wachiwiri. Chizindikiro choti mwalowa njira imeneyo n'chakuti pulogalamu ikukufunsani dzina ngati mlendo osatchula za Restore.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa nkhani yodziwitsa anthu. Musanamalize pamakhala Notify contacts, mumasankha All contacts, kapena Contacts I have chats with, kapena Custom pomwe mumatola nokha. Ine ndinasankha yachiwiri ija poopa kudziwitsa aliyense ngakhale wa kombi yemwe ndinasunga nambala yake tsiku limodzi. Koma magulu alibe chisankho, gulu lililonse limene mulimo limaona kuti mwasintha nambala kaya mufune kaya musafune. Ndiye ngati mukusintha pothawa munthu wina wovuta ndipo muli naye gulu limodzi, tulukanimo kaye, apo ayi nambala yatsopano mwamupatsa nokha.

Komanso kudziwitsako sikulowa m'foni mwa mnzanu kukakonza nambala imene anasunga. Amangoona kachidziwitso m'macheza mwanu, asunge yekha yatsopanoyo. Achinyamata anasunga msanga, koma amalume aku Dedza anakhala akundisaka pa nambala yakale n'kumauza anthu kuti mwana uja watitaya chipitire ku Halale, mpaka ndinachita kuwaimbira ndekha, amalume nambala ndi iyi, muuze mdzukulu akusungireni. Akuluakulu oterewa aimbireni ndithu musadalire kachidziwitsoko.

Kwa amene mumagulitsa zinthu, izi zimangokhudza WhatsApp yokha. Ndalama za pafoni monga EcoCash kapena Airtel Money ndi nkhani ina, zimatsalira pa simu yake, ndiye makasitomala auzeni padera nambala yotumizirapo ndalama.