Lipoti lokongola, koma mawu a aphunzitsi anawameza

Kampani imene inatilembera lipoti lowunika maphunziro a aphunzitsi ndikuipatsa nyenyezi ziwiri, ndipo yachiwiriyo ndi ya masamba anayi a kumapeto basi. Ine ndi amene ndinali mu komiti yokonza maphunziro a masiku atatu a aphunzitsi a Sitandade 1 ndi 2 pa TDC, malo ochitira maphunziro a aphunzitsi a zoni yathu, okhudza kaphunzitsidwe ka kuwerenga. Otithandiza ndalama anafuna lipoti lowunika lochokera kwa munthu wapadera, ndiye tinalemba ntchito kampani iyi, theka la mtengo kulipiriratu.

Chimene chinandiwawa chinachitika Lachisanu, tsiku lotsiriza. Bambo amene kampaniyo inawatumiza anafika nthawi itapitirira 3 koloko, aphunzitsi ataima kale pamzere wa alawansi, ena akuyang'ana kumwamba poopa mvula chifukwa abwera pa njinga. M'pamene anayamba kugawa mafomu. Pamwamba pa fomu panali malo olemba dzina ndi sukulu, ndipo anapempha otsogolera maphunzirowo kuti ndi amene atolere. Tangoganizani, mphunzitsi alembe dzina lake, apereke pepala m'manja mwa munthu amene akumudandaula, alangizi a zoni ali chilili pakhomo. Ndinawakokera pambali n'kuwauza kuti, "Bambo, chotsani mayinawo, ndipo mafomu aponyedwe m'katoni." Anandiyankha kuti ntchito yawo amaidziwa. Mpaka lero mawu amenewo sanandichoke.

Lipoti litabwera, patatha milungu isanu m'malo mwa iwiri, tsamba loyamba linati aphunzitsi 40 mwa 42 anakhutira kwambiri. Nditafufuza m'kati ndinapeza kuti anaphatikiza mayankho a mafunso onse n'kutulutsa nambala imodzi: chakudya, ukhondo wa zimbudzi, kusunga nthawi, ndi funso loti kodi mungathe kuphunzitsa maliwu a malembo. Nsima ndi nkhuku zinakweza malikisi a funso lokhalo limene tinasonkhanira. Sanayese aphunzitsi poyamba ndi pomaliza, choncho palibe chosonyeza kuti munthu amene anabwera akutchula "m" kuti "emu" anabwerera akutulutsa liwu lake lenileni.

Ndinaumirira kuti andibwezere mafomuwo, ndipo ndinawawerenga onse usiku umodzi. Ngakhale mayina analipo, aphunzitsi khumi ndi mmodzi analimba mtima pa funso lomaliza lolemba zakukhosi. Ambiri ananena chinthu chimodzi, kuti phunziro lachitsanzo linachitika ndi ife akuluakulu tikuyerekeza kukhala ana, pamene iwo ali ndi ana opitirira 100 okhala pansi, buku limodzi ana anayi, ndipo phunziro ndi la mphindi 30. Mayi wina analemba kuti akafika pa gawo loti ana ayese okha, nthawi imakhala yatha ndipo akumbuyo samva n'komwe. Zonsezi lipoti linaziika m'chiganizo chimodzi, choti ena anapempha nthawi yowonjezera. Malangizo ake nawo anali oti maphunziro otere azichitika pafupipafupi, osanena achite ndani, liti, ndi ndalama ziti.

Komabe ndisawanamizire. Kumapeto kuli gawo limene analemba mayi wina wa kampani yomweyo, amene anayendera aphunzitsi asanu ndi mmodzi m'kalasi patatha milungu itatu. Mayiwa anagwira ntchito. Anakhala phunziro lonse ndi wotchi, akulemba mphindi zimene zapita pa gawo lililonse: mphunzitsi akuonetsa, mphunzitsi ndi ana pamodzi, kenako ana paokha. Anapeza kuti anayi mwa iwo amathera pafupifupi nthawi yonse pa magawo awiri oyamba, ana akungobwereza mokuwa, ndipo gawo lachitatu amalidumpha. M'kalasi ina analoza ana asanu a mzere wakumbuyo mmodzimmodzi kuti aphatikize "n" ndi "a", malembo oyambirira penipeni a anikumeto, ndondomeko imene ana amaphunzirira malembo, ndipo anakhoza awiri, chonsecho kalasi yonse inkayimba "na" bwinobwino. Apa m'pamene ndinaona kuti kuyankha kwa chigulu kumabisa ana osadziwa. Malangizo awo anali ogwirika: phunziro lachitsanzo lichitikire m'kalasi yeniyeni, ndipo mphunzitsi azisiya mphindi khumi zomaliza kuti ana awerengerane awiriawiri iye akuzungulira, kuyambira kumbuyo. Tayamba kale kuchita zimenezi pa mikumano yathu ya zoni.

Theka lotsala tinalipira, poti pangano ndi pangano. Mukawalemba ntchito, lembani m'panganomo kuti mafomu akhale opanda mayina, adzazidwe m'mawa wa tsiku lomaliza ndalama zisanatuluke, funso lililonse lionetsedwe palokha, ndipo mafomu onse abwerere kwa inu. Ndiponso muuzeni bwana wawo kuti mukufuna mayi oyendera makalasi aja. Bambo aja ku zoni kwathu asadzabwerenso.