Mwagula nyumba kapena mwagula zaka?

Mukamva kumudziko kuti m'bale wanu wagula nyumba ku Manchester kapena ku Leeds, musanalulutire mufunseni kuti pamapepala palembedwa chiyani. Kuno ku Ingalande ndi ku Wales, lamulo la 1925 linasiya njira ziwiri zokha zokhalira mwini malo: firihodi ndi lizi. Abale a ku Scotland ali ndi malamulo awoawo, ndiye izi asazitenge ngati zawo.

Firihodi njosavuta kumva. Nthaka ndi nyumba zonse nzanu popanda tsiku lothera, mukamwalira zimatsalira olowa m'malo mwanu, ndipo denga likadontha mumakonza nokha. Nyumba zambiri zoima pazokha zimagulitsidwa motero.

Lizi ndiyo imasokoneza anthu, ngakhale kuti ife Amalawi timaidziwa kale chifukwa mapuloti ambiri a m'tauni boma limawapereka pa zaka 99. Kusiyana kwake nkwakuti kuno mwini nthaka kawirikawiri si boma ayi, koma munthu kapena kampani yofuna phindu. Pafupifupi fulati iliyonse imagulitsidwa pa lizi. Mumalipira ndalama zochuluka ngati wogula, koma chomwe mwapeza ndi ufulu wokhalamo kwa zaka zowerengeka, monga 99, 125 kapena 999. Zakazo zimayamba kuwerengedwa pa tsiku lolembedwa mu lizimo, osati tsiku lomwe inu mwalandira makiyi. Zikatha, fulatiyo imabwerera kwa mwini nthaka.

Kuti mudziwe chomwe akukugulitsani, musadalire zonena za wotsatsa malonda. Kaundula wa malo amasungidwa ndi ofesi ya boma ya HM Land Registry, yomwe inayamba mu 1862, ndipo kuyambira mu Disembala 1990 malo aliwonse ogulitsidwa ku Ingalande ndi ku Wales amayenera kulembetsedwa. Aliyense, ngakhale muli ku Mzuzu, angathe kugula chikalata cha kaundula wa nyumba pa intaneti ya boma ndi £7, mtengo womwe unakhazikitsidwa mu Disembala 2024. Umwini uli m'kaundulamo, osati m'mpukutu wa mapepala akale omwe wogulitsa akusunga m'sutikesi.

Chikalatacho chili ndi zigawo zitatu. Choyamba, cholembedwa A: Property Register, chimafotokoza malowo ndipo chimanena ngati ali firihodi kapena lizi. Chachiwiri, B: Proprietorship Register, chimatchula mwini wake ndi keyala yake, ndipo ngati mwaonapo mawu akuti Title absolute, umenewo ndiye umwini wolimba kuposa wina uliwonse. Chachitatu, C: Charges Register, chimaonetsa zolemetsa zonse, monga ngongole ya kubanki, njira yomwe oyandikana nawo ali ndi ufulu wodutsapo, kapena pangano loletsa kuchitirapo bizinesi. Palinso mapu okhala ndi mzere wofiira, koma mzerewo umangosonyeza malire mwachisawawa. Sungakuthetsereni mkangano wa mpanda womwe walowa masentimita 20 kwa mnzanu.

Tiyerekeze kuti mu Januwale 2026 mwapeza fulati ya zipinda ziwiri yotsika mtengo kuposa zinzake, ndipo m'chigawo choyamba mwawerenga mzere uwu:

```
Term : 99 years from 1 January 2008
```

Wotsatsa adzakuuzani kuti lizi yake ndi ya zaka 99, ndipo sananame. Koma zaka 18 zapita kale, kwatsala 81, ndipo pofika Januwale 2027 zidzakhala 80. Nambala imeneyo ndiye pagona nkhani. Lamulo la 1993 limapatsa mwini fulati ufulu woonjezera zaka 90 pa lizi yake, mwini nthaka afune asafune, koma polipira. Zaka zotsala zikafika 80 kapena kutsikirapo, pamtengowo pamaonjezeredwanso theka la phindu lomwe fulatiyo ipeze chifukwa chotalikitsa lizi. Chaka chimodzi chozengereza chingathe kukudyerani mapaundi masauzande angapo. Lamulo latsopano la 2024 likufuna kuchotsa ndalama yoonjezerayi ndi kukweza zakazo kufika 990, koma zigawo zake zikuyamba kugwira ntchito pang'onopang'ono, ndiye loya wanu akuuzeni zomwe zili m'mphamvu pa tsiku logula. Chomwe chinasintha kale nchakuti kuyambira pa 31 Januwale 2025 wogula sadikiranso zaka ziwiri kuti apemphe kuonjezera lizi.

Lizi yaifupi ili ndi vuto linanso. Mabanki amakana kupereka ngongole yogulira fulati yotere, aliyense ndi malire ake, ndipo banki ikakana ndiye kuti tsiku lodzagulitsa mudzatsala ndi ogula a ndalama kumanja okha, omwe amatsitsa mtengo mopanda chisoni. Kutchipa kwa fulati ija kwachokera pamenepa.

Kaundula amangopereka mitu ya nkhani, choncho itanitsani lizi yeniyeniyo muwerenge za lendi ya nthaka yolipira chaka ndi chaka. Malizi ena a nthawi ngati ya lizi yathu ya 2008 amayamba ndi ndalama yooneka yochepa, tinene £250, koma yowirikiza kawiri zaka khumi zilizonse. Pa fulati yathuyi, mu 2018 inafika £500, mu 2028 idzakhala £1,000, mu 2038 £2,000, ndipo mu 2048 £4,000. Lamulo la 2022 linathetsa lendi yotere pa malizi atsopano kuyambira pa 30 Juni chaka chomwecho, koma lizi ya 2008 silinaikhudze. Pamwamba pake pali ndalama yosamalira nyumba yonse, ya denga, masitepe, inshulansi ndi zina. Pemphani maakaunti a zaka zitatu zapitazo, ndipo funsani ngati pali ntchito yaikulu yomwe ikubwera. Mwini nthaka amayenera kufunsa maganizo a eni mafulati ngati ntchitoyo idzadyera wina wa iwo ndalama zoposa £250, koma kufunsidwa sikukuchotserani bilu.

Ine ndikanati fulati yotereyi mugule pokhapokha wogulitsa ataonjezera lizi musanalipire, kapena atatsitsa mtengo molingana ndi zomwe katswiri woyeza mitengo ya nyumba wawerengera.

Pa kugula kwenikweniko, loya wanu amayamba wafufuza m'kaundula ndi fomu ya OS1, yomwe imakusungirani malo pamzere kwa masiku 30 ogwira ntchito kuti wina asalembetse ngongole patsogolo panu. Wogulitsa amasaina fomu yosamutsira umwini ya TR1, ndalama zimapita, kenako loya amatumiza fomu ya AP1 kuti dzina lisinthidwe m'kaundula. Mwalamulo, umwini wathunthu umafika kwa inu dzina lanu likalowa m'kaundula, osati pa tsiku la makiyi. Choncho musasiye kumufunsa loyayo mpaka atakupatsani chikalata chatsopano chokhala ndi dzina lanu m'chigawo chachiwiri. Pitaninso mukaone amene akugona m'nyumbamo, chifukwa munthu wokhalamo, monga mkazi yemwe anasonkha nawo ndalama zogulira, angathe kukhala ndi ufulu pa nyumbayo womwe inunso muyenera kuulemekeza ngakhale dzina lake mulibe m'kaundula. Nchifukwa chake maloya amasainitsa wamkulu aliyense wa m'nyumbamo.

Kwa amene mukuganiza zodzabwerera kumudzi nkusiya nyumba ndi alendi, samalani keyala. Makalata a HM Land Registry amapita pa keyala yolembedwa m'kaundula, ndipo akuba amakonda nyumba zopanda ngongole zomwe eni ake ali kutali, amadzitcha eni ake nkuzigulitsa. Mumaloledwa kulembetsa makeyala atatu, kuphatikizapo imelo ndi keyala ya ku Malawi. Lembetsaninso ku Property Alert, yomwe njaulere ndipo imayang'anira nyumba mpaka khumi: wina akangoyamba kufufuza ndi fomu ngati ya OS1 kapena kupempha kusintha za nyumba yanu, imelo imakupezani.