Mitambo anaikonza msanga, madzi ndiwo anatitengera masiku awiri

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5 kwa achimwene amene anandikonzera chithunzi chomwe tinajambula ku Cape Maclear mu Januwale. Tsikulo kunja kunachita mitambo tsiku lonse, chithunzi n'kutuluka chotuwa ngati phulusa, pamene ine ndinkafuna dzuwa likulowa chakumbali kwa chilumba cha Thumbi. Kumeneko dzuwa limaloweradi kunyanja, choncho sindinkapempha bodza lalikulu. Pa gombe la Senga Bay, lomwe layang'ana kum'mawa, aliyense wodziwa malowo akanatiseka.

Chithunzi choyamba chimene ananditumizira ndinachikana. Kumwamba kunali psuu, koma nyanja inali yotuwabe, ngati zithunzi ziwiri zomatidwa ndi guluu. Iwo sanatsutse. Anati anangogwiritsa ntchito Edit > Sky Replacement mu Photoshop, yomwe imasintha thambo ndi kuwala kwa zinthu zapafupi koma siika chithunzithunzi cha mitambo yatsopanoyo m'madzi. Ntchito imeneyo ndi yamanja.

Tsiku lachiwiri ndinakhala nawo pambali. Anakopera leya ya thambo latsopano, kutanthauza gawo la chithunzi lomwe lili ndi thambolo palokha, n'kuitembenuza chadodolido ndi Flip Vertical, kenako n'kuitsitsa mpaka m'munsi mwa thambo ndi pamwamba pa kope lija zinakumana ndendende pamzere pomwe nyanja imathera. Apa anachedwapo, ndipo ndinaona chifukwa chake. Mtambo wofiira womwe uli kumanzere kwa Thumbi uyenera kuonekanso m'madzi kumanzere komweko, pansi pake penipeni. Ukasuntha pang'ono chabe, diso limakana ngakhale munthu sakudziwa chimene chalakwika.

Atatero anaika leyayo pa Multiply, yomwe imaisakaniza ndi madzi apansi moderako, ndipo Opacity, yomwe ndi mphamvu ya kuoneka kwake, n'kuitsitsa kufika cha pa 60 peresenti, poti madzi sawala kuposa thambo limene akuonetsa. Anawonjezera Motion Blur pa ngodya ya 0 kuti mitambo ya m'madzi isweke mopingasa monga timafunde timachitira. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti anaifufuta pang'onopang'ono pofika kugombe. Kutali madzi amakhala ngati galasi, koma pafupi ndi mapazi umaona mchenga wapansi, ndipo mchenga wathu unatsala ukuoneka. Anafufutanso pa bwato ndi pa mthunzi wa chilumba m'madzi, chifukwa poyamba mtambo unkadutsa pa bwatolo ngati mzukwa.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha thambo limene anasankha. Lili ndi dzuwa looneka bwinobwino, koma pamadzi palibe kanjira konyezimira kaja kamene dzuwa limajambula likamalowa, ndiponso malaya oyera a akazi anga akadali ndi kuwala kozizira kwa tsiku la mvula. Ndikadzawapatsa china ndidzapempha thambo loti dzuwa labisala kuseri kwa mtambo. Chithunzichi tachitsukitsa pa A3, chili pabalaza, ndipo apongozi anafunsa kuti tinajambula nthawi yanji.