Anatiika pa Booking.com ndi Airbnb, ndawapatsa nyenyezi 4 pa 5

Tili ndi kagesitihausi ka zipinda 5 ku Cape Maclear, ndiye chaka chatha tinalemba ganyu achinyamata ena a ku Lilongwe oti atiike pa intaneti. Ntchito anagwira ndithu, makamaka pa malongosoledwe a malo. Ine ndinali nditalemba zoti malo okongola m'mbali mwa nyanja, iwo anafufuta nkundifunsa kuti mayi, kuchoka pa geti kukaponda mchenga ndi mphindi zingati? Ndi 4 wapansi, ndiye tinalemba zomwezo basi. Tinalembanso kuti madzi otentha ndi a sola, kukachita mitambo amangofunda, bedi lililonse lili ndi neti, magetsi akathima sola imayatsa mababu ndi kutchaja mafoni koma fani ayi, komanso Loweruka kumamveka nyimbo za kubala mpaka usiku. Poyamba ndinkaopa kuti tithamangitsa anthu, koma mlendo amene wabwera akudziwa kale za fani sakakulembera zoipa. Amakwiya ndi amene wazitulukira yekha 2 koloko usiku thukuta lili kamukamu.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha kalendala. Analumikiza bwinobwino, linki ya iCal ya chipinda chilichonse, yomwe imatumiza masiku obukidwa ku kalendala inayo, kuichotsa uku nkuiika uko, mbali zonse ziwiri. Chomwe sanandiuze nchoti makalendalawa samauzana pompopompo, pamatha maola angapo. Isitala itayandikira chipinda 3 chinabukidwa pa Airbnb chakummawa, masana asanakwane banja lina nkubukanso chomwecho pa Booking.com, Lachisanu mpaka Lolemba, zipinda zina zonse zitadzaza. Lamulo la Booking.com ukadzazitsa chonchi mlendo umamupezera malo ena ofanana kapena oposa, ndalama yapamwambayo nkulipira iwe. Ndinazungulira mudzi wonse wa Chembe, malo ndinapeza koma odula, masiku atatu onsewo ndinaonjezera za m'thumba, ndipo zinandiwawa kwambiri kuimbira anthu amene anasangalala kale kuti apeza pogona.

Nditadandaula anabwera osalipiritsanso, apa ndiwayamikire. Pano bukingi ikangolira pafoni, kaya ndili kumsika, ndimatsegula Pulse, apu ya Booking.com, kapena Airbnb nkutseka ndekha masikuwo mbali inayo, sindidikiranso kuti zilumikizane zokha. Oimba foni ndi a pa WhatsApp ndiye oopsa zedi chifukwa palibe kalendala imene imawaona, ndiye dipoziti ikangolowa pa Mpamba kapena Airtel Money ndimayamba ndatseka konse kuwiri kenako nkulemba m'kope, ndipo wolonjeza chipinda ndi ine ndekha, mlonda amangopereka nambala. Pa Isitala ndi Khirisimasi zipinda timazigawa, 3 uku 2 uko, palibe chopezeka konse kuwiri.

Mukawalemba ntchito afunseni za kalendala tsiku loyamba lomwelo, muwauzenso akuwerengereni mtengo wa chipinda komishoni ili momo, ife timadulidwa 15 pa 100 iliyonse ndipo mwezi woyamba tinali tisanaiike.