Kubanki kapena pafoni? Zomwe ndaona polandira malipiro a makasitomala akunja

Ndimakhala ku Katoto mu mzinda wa Mzuzu, ndipo ntchito yanga ndi yomvetsera mawu ojambulidwa m'Chitumbuka ndi m'Chichewa n'kuwalemba m'Chingerezi. Ondipatsa ntchito ambiri ndi ochita kafukufuku a ku Ulaya. Kwa zaka ziwiri ndayesa njira ziwiri zolandirira ndalama, ndipo iliyonse ili ndi poluma pake.

Ndiyambe ndi ya kubanki, ija amati SWIFT. Ndinatsegula akaunti ya madola, yomwe pafomu amalemba FCDA. Invoyisi yanga yoyamba inali ya madola 600. Kasitomala anatumiza Lolemba, ine n'kumangoyang'ana foni mpaka Lachisanu. Uthenga utalowa, anali madola 555. Ndinakwera kabaza mvula ikuwaza, kukafunsa komwe kwapita 45. Mayi wa pakauntala anandilandira bwino, nati, "Achemwali, ife sitinadulepo zonsezi. Apempheni okutumiziraniwo akupatseni MT103." Ichi ndi chikalata chosonyeza mmene ndalama zatumizidwira, ndipo pamzere wa 71A panalembedwa SHA.

Apa m'pamene pagona nkhani. Madola sachoka kubanki ya kasitomala n'kufika ku Mzuzu mwachindunji. Amadzera m'mabanki ena apakati, kawirikawiri ku America, ndipo aliyense amatapako pang'ono. Wotumiza akasankha SHA, iye amalipira banki yake yokha, zam'njira zonse n'zanu. Akasankha BEN, zonse zimachotsedwa pa ndalama zanuzo. Koma akasankha OUR, mtolo wonse amasenza yekha. Chiyambireni kulemba pa invoyisi kuti atumize ndi OUR, ndalama zimafika pafupifupi zathunthu, kupatula kochepa komwe banki yanga imatenga polandira.

Chopweteka n'choti kudulako sikuyang'ana kuchuluka kwa ndalama. Madola 45 pa 600 munthu umangopirira, ngakhale pa mtengo wa pafupifupi K1,730 womwe banki inkagulira dola, imeneyo ndi K77,850, ndalama yoti ikanandithandiza pa lendi. Koma tsiku lina ndinalandira za kantchito ka madola 150 mwa njira yomweyi, n'kutsala ndi 110 yokha. Ndinalira mumtima.

Ubwino wake ndi mapepala. Banki imafunsa invoyisi, nthawi zina ndi kalata ya mgwirizano, ndalama zisanalowe. Poyamba ndinkaona ngati akungondivutitsa, koma sitetimenti ya akauntiyo ndi imene ndimaonetsa pa nkhani za msonkho ku MRA. Komanso madola akakhala mu akaunti sasungunuka ngati kwacha. Amene anali nawo mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, anapulumuka. Musaganize kuti madolawo ndi oti mungochita nawo zilizonse ayi. Malamulo a Reserve Bank amanena gawo loyenera kusinthidwa kukhala makwacha, ndipo amasinthasintha, choncho ine ndimafunsa kubanki ndisanatumize invoyisi yaikulu. Kutapa madola enieni pamanja nakonso amafuna chifukwa chomveka, monga ulendo, ndipo ndinauzidwapo kawiri kuti ndidikire, alibe.

Njira yachiwiri ndi ya makampani otumiza ndalama pafoni, omwe amafikitsa ku Airtel Money kapena TNM Mpamba. Liwiro lake palibe chonena. Kasitomala wina anatumiza ndili mu msika wa Taifa, ndisanamalize kusankha chitenje foni inali italira kale. Pa madola 150 iye analipira kangachepe, ine ndinalandira makwacha onse amene anaoneka pafoni yake. Koma muziyang'ana mtengo wosinthira, osati ndalama yotumizira yokha. Ndimagawa makwacha omwe alowa ndi madola omwe atumizidwa, n'kuyerekeza ndi mtengo wa kubanki tsiku limenelo. Kusiyana kwa K30 pa dola kumaoneka kochepa, koma pa 600 ndi K18,000. Onjezani yodula kwa ejenti potapa, kuphatikizapo malire a ndalama zomwe foni ingasunge, mupeza kuti ndalama zambiri sizikwana ulendo umodzi. Ndinazungulirapo maejenti atatu ku Chibavi, aliyense akuti alibe ndalama zokwanira pamanja.

Vuto lina n'loti njira imeneyi inapangidwira achibale otumizirana thandizo. Yunivesite kapena kampani siilola, chifukwa woona za ndalama kwawoko amafuna akaunti ya banki ya dzina lofanana ndi la pa invoyisi.

Alipo ondilangiza kuti ndalama zizifikira kwa munthu wa kunja, iye azindipatsa makwacha pa mtengo wa mumsewu. Ndikumvetsa chifukwa chake, poti mitengo m'mashopu imatsatira dola ya mumsewuyo pomwe ife timasinthira kubanki. Koma n'zoletsedwa, ndipo munthuyo akazima foni mulibe kokadandaula. Ine ayi.

Panopa kantchito kosafika madola 200 kochokera kwa munthu payekha ndimalandirira pafoni. Za mabungwe ndimaziunjika miyezi iwiri, n'kutumiza invoyisi imodzi yolembedwa OUR m'munsi mwa nambala ya akaunti.