AGENTS.md: ndemanga yanga patatha miyezi 4, nyenyezi 4 pa 5

Ndikulemba kapulogalamu kosunga maakaunti a gulu la banki mkhonde la kumpingo kwathu, ndipo zida za AI zondithandiza ndimazisinthasintha. Malire a chida china akakwana, ndimalumphira ku china. Vuto ndi loti chida chatsopano chimafika ngati mlendo, zimene tinamanga dzulo sichizidziwa. Nchifukwa chake ndinayamba kugwiritsa ntchito AGENTS.md, fayilo ya mawu wamba imene mumaika pamwamba penipeni pa foda ya ntchito yanu. Codex ndi Cursor zimaiwerenga zokha zikamayamba ntchito. Ndi yaulere, palibe chotsitsa, bandulo siyipita.

Chimene chinandikankhira kumeneku chinali chamanyazi. Poyamba ndinatsimikiza kuti ndalama zizisungidwa ngati matambala athunthu, K1,500 izilembedwa 150000, chifukwa manambala a madesimo kompyuta siyiwasunga ndendende. Yesani `0.1 + 0.2` mu Python, muona `0.30000000000000004`. Mfundo imeneyi inatsalira m'macheza a chida choyamba. Nditasamukira ku chida china, chinaona 150000 ngati cholakwika, n'kusintha gawo la chiwongoladzanja kukhala la madesimo. Ine osayang'anitsitsa, ndinavomera. Tsiku lamsonkhano msungichuma wathu, mayi wachikulire wa kope lachikuto cholimba, analoza ndi cholembera pafoni yanga nati, "Achimwene, zanuzi sizikugwirizana ndi zanga." Kusiyana kunali kochepa zedi, koma pa ndalama za gulu kochepa kulibe.

Fayilo yanga yoyamba sinathandize kwenikweni. Ndinangolemba kuti pulogalamuyi ndi ya Python, imagwiritsa ntchito SQLite, ndi zina zotere, zinthu zimene chida chilichonse chimadzionera chokha chikatsegula foda. Zinayamba kuyenda nditamalemba chimene ndasankha pamodzi ndi chifukwa chake, komanso chimene ndinachikana. Mu Chichewa momwemo zimamveka:

```
## Ndalama
- Sungani ngati INTEGER (matambala). float AYI: imasokoneza zotsala.
- Chiwongoladzanja: werengerani pa ngongole yonse, dulani kamodzi pomaliza.
- Tinakana PostgreSQL: kumsonkhano kulibe netiweki.
```

Mzere womalizawo ndiwo wandipulumutsa kwambiri. Chida chimene sichidziwa kuti njira ina munaiyesa kale n'kuitaya chimakubwezerani komweko, ndipo chimaoneka ngati chikukuthandizani. Kuchokera pamene ndinalemba za netiweki, nkhani yosamutsira maakaunti pa seva sinabwererenso.

Pali zida zina zimene zimafuna fayilo ya dzina lina. Claude Code imawerenga CLAUDE.md. Musasunge mafayilo awiri olemba pamanja, chifukwa pakangotha sabata amakhala akutsutsana. Mu CLAUDE.md yanga muli mzere umodzi wokha, `@AGENTS.md`, umene umakoka zonse za mu inzake ija. A Linux ndi Mac, ngati mu fodamo mulibe kale CLAUDE.md, angathenso kutere m'malo mwake:

```
ln -s AGENTS.md CLAUDE.md
```

Ku zida zochezera pa msakatuli, zimene siziona foda yanu, ndimangokopera fayilo yonse n'kuiika poyambira macheza.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa fayiloyi siidzilemba yokha, ndipo ikakalamba imanama molimba mtima. Gulu litasintha tsiku lolipira chindapusa ndinakonza pulogalamu, fayilo ndinaiwala, ndiye chida chotsatira chinabwezeretsa lamulo lakale mokhulupirika. Mlandu ndi wanga. Tsopano ndikasintha mfundo, fayilo imalowa mu git pamodzi ndi kusinthako, ndipo mfundo yakale sindiifufuta, ndimailemba kuti yalowedwa m'malo ndi iyi, pa tsiku lakuti. Nzeruyi si yanga, Michael Nygard anaifotokoza mu 2011 polemba za kasungidwe ka zisankho za kamangidwe ka mapulogalamu.

Chinanso, zolembedwamo ndi malangizo chabe, si loko. Chida chikhoza kuwerenga koma osatsatira, makamaka fayilo ikatalika. Yanga ndinaidula kufika mizere 60, mbiri yaitali ndinaisamutsira ku foda ina n'kungoilozera. Pa nkhani ya matambala ndinawonjezera mayeso amene amalephera pakangolowa desimo, chifukwa mayeso sanyengerereka. Ndikasamukira ku chida china ndimayamba n'kantchito kakang'ono kokhudza ndalama, kenaka `git diff`. Ndikaonamo `float`, ndimadziwa kuti fayilo sinatsatidwe kapena sinawerengedwe n'komwe, kaŵirikaŵiri chifukwa ndatsegulira chida mu foda yolakwika.

Mawu achinsinsi ndi manambala a foni a mamembala musalembemo, fayiloyi imapita kulikonse kumene ntchito yanu yapita. Mwezi wathawu tinagawana masheya, ndipo amayi aja anafananiza ndi kope lawo mzere ndi mzere, n'kulitseka osanena kanthu.